Kalembedwe ka pulomputi ya fulaya ya kutchalitchi kapena kusukulu: nkhope ya mtsogoleri isasinthe, malo olembapo atsale oyera

Mafulaya ambiri amene akuyenda m'magulu a WhatsApp a mipingo ndi masukulu kuno ku Mulanje akuonongeka pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi nkhope. Abusa amene tonse timawadziwa amatuluka atayera khungu, makwinya atatha, mphuno itasongoka, mpaka amayi a Mvano kufunsana kuti kodi kukubwera mlaliki wachilendo. Chachiwiri ndi mawu. Pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, monga ChatGPT kapena Gemini, imalemba yokha mitu yachingerezi imene palibe anaipempha, kapena imatenga Chichewa chanu n'kuchipotoza, zilembo zina kusowa, zina kubwerezeka. Zonsezi zimachitika munthu akaisenzetsa ntchito yonse nthawi imodzi mu pulomputi, kutanthauza malangizo amene amailembera. Njira imene ndikufotokoza pano imagawa ntchito: pulogalamu ikonze chakumbuyo ndi malo oyera olembapo, nkhope ikhale yeniyeni, mawu mulembe nokha.

Tiyerekeze kuti mpingo wina cha ku Chitakale uli ndi Pepa Sande yosonkhetsa ndalama zofolerera tchalitchi. Komiti yakupatsani ntchito yokonza fulaya yokhala ndi chithunzi cha abusa. Ina idzasindikizidwa pa pepala la A4 kuti imatidwe pakhomo pa tchalitchi ndi pamsika, ina idzatumizidwa pa foni. Chitsanzo chimenechi ndi chimene titsate mpaka kumapeto.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanayatse deta, lembani mawu onse amene adzakhale pa fulayayo: dzina la mpingo, dzina la mwambo, tsiku, nthawi, malo, mutu ndi vesi lake, dzina la mlaliki, ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya amene ali kutali. Mukawerenga mupeza mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu. Kuchuluka kwa mizereyi n'kumene kumakuuzani kukula kwa malo oti mupemphe. Anthu ambiri amayamba ndi chithunzi chokongola, kenako n'kumavutika kufinyira mawu m'mphepete, ena kuwalemba pachifuwa pa abusa.

Jambulani kabokosi koimirira papepalapo n'kukadula pakati. Gawo lakumwamba, loposerako theka pang'ono, ndi la mawu. Kumunsi chakumanja kukhale abusa, kuyambira pachifuwa kupita kumutu. Kumunsi chakumanzere kutsale kampata ka nambala ya foni. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndiye mukapereka magawo 55 pa 100 kwa mawu mumakhala ndi masentimita pafupifupi 16 olembapo. Mizere isanu ndi itatu imakwana bwino, ndipo mutu wake umawerengeka ndi munthu amene akudutsa pa njinga.

Chilolezo ndi chithunzi

Nkhope ndi ya mwini wake. Pitani kwa abusa, kapena dzerani kwa alembi a mpingo ngati ndi mmene zimayendera kwanuko, mukanene momveka: "Abusa, tikupempha chithunzi chanu cha pa fulaya ya Pepa Sande. Tichikonzera pa intaneti, ndipo tidzakuonetsani tisanatumize kwa anthu." Mawu akuti pa intaneti musawabise, chifukwa chithunzi mukachikweza mu ChatGPT kapena Gemini chimachoka mu foni yanu kupita ku makompyuta a kampaniyo. Akakana zimenezo ntchito siima, chifukwa njira yoyamba ili m'munsiyi sifuna kuti chithunzi chawo chilowe m'mapulogalamu amenewa.

Chithunzi chokhacho chimafuna chisamaliro kuposa pulomputi. Ngati n'kotheka jambulani chatsopano. Aimikeni pakhonde kapena pamthunzi wa khoma, kuwala kukubwera kutsogolo kwawo, kumbuyo kuli khoma lopanda zambiri. Dzuwa la masana limaika mdima m'maso ndi pansi pa chibwano, pamphumi n'kunyezimira, ndipo kamera ya foni imalephera kugwira bwino khungu lakuda pamodzi ndi kolala yoyera pa dzuwa lotere. Tsiku la chiperoni, pamene kuli mitambo, ndi labwino kwambiri pojambula nkhope, bola musawaimike pamvula. Pukutani galasi la kamera, musakokere chithunzi pafupi ndi zala, yandikirani ndi miyendo. Mapewa onse awiri ndi pamwamba pa mutu zioneke, chifukwa phewa lodulidwa pulogalamu imaliwonjezera yokha ndipo jekete limasintha.

Apempheni atembenuke pang'ono, moti pachithunzipo azioneka atayang'ana chakumanzere. Adzakhala kumanja kwa fulaya, ndiye maso awo aloze m'kati mwa pepala. Nkhope yoyang'ana kunja imatulutsa diso la wowerenga mawu asanawerengedwe.

Ngati chithunzi akutumizirani wina, auzeni achitumize pa WhatsApp posankha Document. Chotumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp imachifinya, ndipo chikadutsa m'mafoni atatu chimafika chitasungunuka. Pulogalamu ya AI ikalandira nkhope yosaoneka bwino imadzaza yokha pamene sipakuoneka, ndipo pamenepo m'pamene munthu amayambira kusintha.

Njira yoyamba: pulogalamu ipange chakumbuyo chokha

Iyi ndi imene ndimalimbikitsa pa fulaya iliyonse yokhala ndi nkhope ya munthu wolemekezeka. Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ntchito ka mapulogalamuwa. Mukawapatsa chithunzi, sachidula n'kuchimata ngati mmene mungachitire ndi lumo. Amajambula chithunzi chatsopano potsanzira chimene mwawapatsa. Kutsanzirako nthawi zina kumafika pafupi kwambiri, nthawi zina ayi, ndipo simungadziwiretu. Nkhope imene sinalowemo siingasinthe.

Pulomputi ilembeni m'Chingerezi, chifukwa mapulogalamuwa amatsatira bwino malangizo a malo ndi miyeso m'chinenero chimenecho kusiyana ndi m'Chichewa. Nayi ya chitsanzo chathu:

```
Vertical background image, 2:3. Green tea fields in the bottom 30%, softly blurred. Behind them a wide grey rock massif in light mist, no snow, staying below the middle of the image. The top 55% is smooth pale cream sky, one even tone, completely empty. Soft morning light. No people, no text, no letters, no logos, no borders.
```

Tiyeni tiione chigawo ndi chigawo, kuti mukafuna kusintha mudziwe chimene mukugwira.

Mawu oyamba ndi `background image`. Mawu akuti `flyer` ndi `poster` mulibemo, ndipo ndi dala. Zithunzi za mafulaya zimene pulogalamu inaphunzirapo zinali zodzaza ndi zolemba, choncho ikangomva dzinali imakuikirani mutu, tsiku lopeka ndi timizere tooneka ngati mawu, ngakhale mutaletsa kumapeto. Dzina la mwambo ndi la mpingo musazitchulenso, chifukwa imaona ngati mukufuna zilembedwe.

Chachiwiri ndi malo opanda kanthuwo, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse. Kungonena kuti musiye malo a mawu sikukwanira. Pulogalamu imakonda kudzaza paliponse, ndiye pamalo amene simunawafotokoze imaikapo mitambo, nkhunda, kuwala kotsika kumwamba kapena nthambi za mtengo. Malo opanda kanthu muwafotokoze ngati chinthu chimene chilipo: ali kuti, ndi aakulu bwanji, mtundu wake ndi wotani, ndi osalala motani. N'chifukwa chake palembedwa kuti magawo 55 akumwamba ndi thambo losalala la mtundu umodzi wotuwira ngati mkaka. Mwaipatsa chojambula pamalopo, ndipo chojambulacho ndi choyera. Manambala sawatsatira ndendende. Mukapempha 55 mutha kulandira 45 kapena 60, choncho pemphani ochulukirapo kuposa amene mukufuna.

Phiri nalo lili ndi vuto lake. Mukangolemba `mountain` mulandira nsonga yosongoka yokutidwa ndi chipale chofewa, yosafanana n'komwe ndi phiri limene timaliona kuchokera ku Chitakale kapena ku Likhubula. Phiri la Mulanje ndi chimwala chachikulu chotambalala, makoma ake otuwa. Mawu akuti `wide grey rock massif` ndi `no snow` amaikokera chakumeneko. Mawu oti likhale pansi pa theka la chithunzi amaliletsa kukwera n'kudya malo a mutu. Silidzafanana ndendende ndi lathuli, n'chifukwa chake talibisa m'nkhungu. Ngati mukufuna lenilenilo, lijambuleni nokha m'mawa kukacha bwino, chithunzicho muchiike kumunsi kwa fulaya. A ku Thyolo, cha ku Makwasa kapena ku Bvumbwe, angachotse phiri m'pulomputi n'kusiya zitunda za tiyi zokha, polemba `rolling tea hills`.

Mtundu wowala ndausankha chifukwa cha pulinta. Fulaya yakuda kapena yofiirira imakongola pa foni, koma mukafika nayo pamalo osindikizira imamwa inki yambiri, ndipo pa fotokope ya zakuda ndi zoyera imatuluka ndi mizere, nkhope ya abusa n'kumira mumdimamo. Chakumbuyo chowala chimapangitsa khungu lakuda ndi suti yakuda kuoneka bwino m'mphepete mwake, ndipo mawu akuda amawerengeka ngakhale pepala litasuluka ndi dzuwa.

Chithunzi chikatuluka, chikulitseni ndi zala n'kuyang'ana malo oyerawo kuchokera ngodya mpaka ngodya. Fufuzani timizere tooneka ngati zilembo, makamaka m'makona, ndi madontho a mitambo. Kenako chiyang'aneni mutatsinzinira pang'ono. Ngati kumwambako kukuoneka mbali ina yoyera mbali ina yakuda, mawu anu adzasowa mbali imodzi. Pokonza, tchulani chinthu chimodzi basi:

```
Change only the top 55%: remove the clouds and birds, make it one smooth pale cream tone. Keep everything else the same.
```

Tsopano dulani abusa pa chithunzi chawo chenicheni. Mafoni ena a Samsung ndi iPhone amatha kutero mukadina munthuyo kwa kanthawi m'malo osungira zithunzi. Palinso tsamba la pa intaneti la remove.bg, ngakhale kuti chaulere chake chimatuluka chaching'ono, chokwanira pa foni koma chofooka pa A4. Mulimonse, sungani ngati PNG, mtundu wa chithunzi umene umasiya malo ozungulira munthuyo ali oonekera. Mukasunga ngati JPG malo oonekera aja amasanduka bokosi loyera kapena lakuda. Yang'anani m'mphepete mwa makutu, magalasi ndi tsitsi, chifukwa m'menemo mumatsalira kamzere ka khoma lakale.

Njira yachiwiri: kukweza chithunzi cha mtsogoleri

Ngati mulibe chodulira, ndipo mwini wake wavomera, kwezani chithunzicho pamodzi ndi pulomputi iyi:

```
Use the uploaded photo. Keep the man's face, skin tone, wrinkles, glasses and clerical collar exactly as they are. Do not retouch or lighten the skin. Place him from the chest up in the bottom right, under 45% of the image height. Replace only the background with softly blurred green tea fields. The top 55% is smooth pale cream sky, completely empty. Vertical 2:3. No text, no letters, no logos.
```

Zinthu zoti zisungidwe zatchulidwa chimodzichimodzi: khungu, makwinya, magalasi, kolala. Chimene simunachitchule pulogalamu imachikonza monga ikuonera. Ngati ndi mayi wamkulu wa Mvano, tchulani duku loyera ndi bulauzi yoyera. Ngati avala nsalu ya mpingo yokhala ndi chizindikiro ndi zolemba, njira imeneyi isiyeni, chifukwa zolemba za pansalu zimatuluka zitapotoka ndipo chizindikiro chimasintha. Msinkhu wawo waikiridwa malire chifukwa, mukapanda kutero, munthu amaikidwa pakati penipeni, wamkulu, mutu kufika kumene kumayenera kukhala dzina la mwambo. Mawu onga `beautiful`, `professional portrait` kapena `cinematic` musawaikemo. Amenewa ndi amene amaitana khungu losalala ngati la chidole.

Zikatuluka, ikani chithunzi choyamba ndi chatsopano pambalipambali, mukulitse zonse. Yambani ndi maso ndi mpata wa pakati pake, kenako mphuno, mano ngati akumwetulira, mzere wa tsitsi, imvi, ndi chipsera ngati chilipo. Onani kolala ngati ikadali ya mtundu umene amavala, chifukwa kavalidwe ka abusa a CCAP, ansembe a Katolika ndi abusa a Seventh-day Adventist n'kosiyana, ndipo pulogalamu ikhoza kusakaniza kapena kuwonjezera mtanda pakhosi. Ngati manja akuoneka, werengani zala. Mukatero patsani foni munthu amene amawadziwa bwino, osamuuza kanthu. Akazengereza, kapena akati "akufanana nawo", chithunzicho chalephera. Tikufuna anene kuti ndi abusa athu, basi.

Musapitirize kukonza pamwamba pa chokonza. Ulendo uliwonse pulogalamu imajambulanso kuchokera pa chotsatira chake, ndipo nkhope imasunthira kutali pang'onopang'ono, monga mmene fotokope ya fotokope imathera. Mukakonza kawiri osakhutira, tsegulani macheza atsopano, kwezaninso chithunzi choyambirira, kapena bwererani ku njira yoyamba. Zimapulumutsanso bandulo, komanso mapulogalamu aulere amakhala ndi malire a zithunzi zimene mungapange pa tsiku.

Kulemba mawu

Tsegulani Canva kapena PixelLab, mapulogalamu oikira mawu pa zithunzi. Mu Canva sankhani A4 yoimirira, ikani chakumbuyo chija kuti chidzaze pepala lonse. Apa pali kasamu kofunika. Chithunzi cha 2:3 n'chachitali pang'ono kuposa A4: chikakwana mamilimita 210 m'lifupi, m'litali chimafika 315, pamene pepala ndi 297. Mamilimita 18 ayenera kudulidwa. Ngati mwatsata njira yoyamba, chisunthireni kuti odulidwawo achoke kumunsi, kuminda ya tiyi, malo a mawu asachepe. Kenako ikani PNG ya abusa kumunsi chakumanja, chifuwa chawo chigunde m'mphepete mwa pepala. Akasiyidwa m'malere amaoneka ngati akuyandama.

Chithunzi choimirira chochokera mu ChatGPT nthawi zambiri chimakhala mapikiselo 1024 ndi 1536, pamene A4 yosindikizidwa bwino imafuna 2480 ndi 3508. Pa thambo losalala ndi minda yosaoneka bwino dala, kuchepaku sikuoneka kwenikweni. Pa nkhope ndi pa zilembo kumaoneka. Ichi ndi chifukwa china chimene nkhope yochokera mu kamera ndi mawu olembedwa mu Canva zimapambanira: zimatuluka zakuthwa ngakhale chakumbuyo chili chofewa.

Mawu akhale m'misinkhu itatu. PEPA SANDE likhale lalikulu koposa. Tsiku, nthawi ndi malo zitsatire, chifukwa ndi zimene munthu wapamsika akufuna. Mutu, vesi ndi dzina la mlaliki zikhale zazing'ono. Mitundu ya zilembo isapitirire iwiri, ndipo mtundu wake ukhale wakuda kapena wobiriwira kwambiri wogwirizana ndi tiyi ali kumunsiyo. Ngati mumalemba ŵ, monga mu Malaŵi, yesani kaye, chifukwa zilembo zina zokongoletsa zilibe chilembochi ndipo zimaika kabokosi kapena chilembo chosiyana ndi zinzake. Siyani sentimita imodzi kuzungulira m'mphepete, popeza mapulinta ambiri safika kumapeto kwa pepala. Nambala ya foni musailembe mwachindunji pamasamba a tiyi. Ikani kabokosi koyera kumunsi chakumanzere n'kulembamo. Chizindikiro cha mpingo kapena baji ya sukulu tengani yeniyeni kwa alembi, musaipangitse.

Ya pa foni ikonzeni payokha. Status ya WhatsApp ndi 9:16, mapikiselo 1080 ndi 1920, yopapatiza kuposa A4, ndipo kumwamba kwake kumaphimbidwa ndi dzina la wotumiza, kumunsi ndi malo oyankhira. Tsitsani mutu pang'ono, kwezani nambala. Popeza thambo lija ndi la mtundu umodzi, kulitalikitsa n'kosavuta: ikani mtundu womwewo kumbuyo kwa tsamba lonse, chithunzi chikhale kumunsi.

Ikakhala ya kusukulu

Pa mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4 kapena tsiku la makolo, kamangidwe ka pulomputi n'komweko. Sinthani chiganizo cha chakumbuyo kukhala `softly blurred red brick school block in the bottom 30%`, ndipo m'malo mwa kolala tchulani zimene aphunzitsi aakulu avala. Musatchule bolodi kapena mabuku, chifukwa pulogalamu ikajambula bolodi imalembapo masamu osamveka. Zithunzi za ahedi nthawi zambiri zimajambulidwa pa asembule, ana ali kumbuyo. Dulani anawo chithunzi chisanakwezedwe kulikonse, popeza makolo awo sanafunsidwe. Ngati pali mlendo wolemekezeka, monga a PEA kapena a gulupu, pezani chilolezo chawonso, ndipo anthu awiri pa fulaya imodzi muwaike ndi njira yoyamba yokha. Pulogalamu ikapatsidwa nkhope ziwiri nthawi imodzi imatha kubwereka mphuno ya uyu kupatsa uyo.

Mukamaliza, tsitsani ya A4 posankha PDF Print, ya foni ngati PNG. Sindikizani pepala limodzi lokha poyamba, ndipo ngati zambiri zidzakhala za fotokope, loyeserali likhalenso lakuda ndi loyera. Limateni pakhoma, bwererani mapazi asanu, muone ngati tsiku ndi malo zikuwerengeka komanso ngati nkhope ikusiyana bwino ndi minda ili kumbuyo. Tsikulo liyerekezeni ndi kalendala kuti likugweradi Lamulungu, nambala ya foni muiimbe kuti mumve amene ayankhe, vesi mulitsegule m'Baibulo. Pepala lomwelo pitani nalo kwa abusa ndi alembi, aone nkhope, dzina ndi udindo mmene zalembedwera. Akavomera, tumizani PDF ija kwa osindikiza posankhanso Document, ndipo muwauze asindikize pa 100% osati Fit to page ngati mukufuna miyeso yanu isasinthe.